Kuchoka pa udzu kufika kwa kabawi: mmene mungawerengere mphamvu yodutsa pa sitepe iliyonse

Udzu umagwira mphamvu ya dzuwa, ziwala zimadya udzu, abuluzi amadya ziwala, kabawi n'kudya abuluzi. Mzere umenewu wophunzira aliyense wa bayoloje amaujambula mosavuta. Povuta ndi poyankha kuti pa mphamvu yonse imene udzu unasunga, ndi yochuluka bwanji imene inakhaladi thupi la chiwala, ndipo pa imeneyo ndi ingati inafika kwa buluzi. Ambiri amangoyankha kuti 10 peresenti chifukwa ndi zomwe analoweza. Malangizo ano ndi a munthu amene akufuna kuipeza yekha nambalayo, kuyambira pa udzu wodulidwa, woumitsidwa ndi kuyezedwa pa sikelo.

Titenge malo a udzu wachilengedwe m'munsi mwa phiri la Mulanje, chakufupi ndi Likhubula, amene anapsa mu Okutobala n'kuyamba kuphukanso ndi mvula ya Novembala. Manambala a malo amenewa ndi achitsanzo, ndawasankha kuti agwirizane ndi zimene zimapezeka pa udzu wotere, ndipo inu mudzaika anu. Manambala ochokera ku kafukufuku weniweni ndidzawatchula padera pamodzi ndi eni ake.

Dziwani kaye kuti nambala ya zomera imene muli nayo ndi iti

Mabuku amagwiritsa ntchito zilembo zitatu. GPP ndi mphamvu yonse imene zomera zagwira kuchokera ku dzuwa n'kuisandutsa chakudya. R ndi mphamvu imene zomerazo zaotcha m'thupi mwake kuti zikhale ndi moyo, usana ndi usiku. NPP ndi yotsalayo, imene yakhala masamba, mapesi, mizu ndi njere.

```
NPP = GPP − R
```

Chiwala sichingadye mphamvu imene udzu unaotcha kale. Chimene chili pamaso pake ndi NPP yokha, choncho kuwerengera kwathu kuyambira pa NPP. Mukapatsidwa GPP, chotsani R musanapite patsogolo. Mukadula udzu n'kuuyeza, mwayeza NPP mwachindunji, ndipo simufunikanso kuchotsapo kanthu. Pali ophunzira amene amachotsa R pa kulemera kwa udzu wodulidwa, osazindikira kuti akuichotsa kachiwiri.

Kuyeza udzu

Khomani felemu ya matabwa kapena ya nsungwi, mita imodzi mbali zonse zinayi, kuti mkati mwake mukhale sikweya mita imodzi. Kumayambiriro kwa Novembala, malo akadali akuda ndi phulusa, sankhani malo oikapo felemu mosakondera: ponyani mwala chakumbuyo kwanu, pamene wagwera ndi pomwepo. Mukasankha ndi maso mudzapita pamene mukudziwa kuti udzu umakula bwino. Ena mwa malowa atchingeni ndi khola la waya wa sefa kuti ziwala, mbewa ndi mbuzi zisafikepo. Ena asiyeni poyera, mungoikapo zikhomo.

Ubwino wa malo amene anapsa ndi wakuti poyambira pali pafupifupi ziro. Ngati malo anu sanapse, dulani ndi kuyeza mafelemu angapo mu Novembala momwemo, kuti mudzachotse kulemera kwa udzu wakale pa zomwe mudzapeze kumapeto.

Kumapeto kwa Epulo, patatha masiku pafupifupi 180, dulani udzu wonse wa m'felemu mpaka pansi. Tolani ndi masamba amene anauma n'kugwa, chifukwa nawonso anamera nyengo yomweyi. Ikani m'matumba a pepala, osati a pulasitiki, kuti usachite nkhungu.

Kuumitsa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Udzu wauwisi umakhala ndi madzi 70 mpaka 80 peresenti ya kulemera kwake, ndipo madzi alibe mphamvu ya chakudya. Njira yovomerezeka ndi kuuika mu uvuni ya madigiri 60 mpaka 70 kwa maola 48, kuuyeza, kuubwezeramo maola ena angapo, n'kuuyezanso. Kulemera kukasiya kutsika, wauma. Kutentha kukapitirira kwambiri udzu umayamba kupserera ndipo mumataya zomwe mukufuna kuyeza. Kuno ku Mulanje kuyanika padzuwa pokha sikudalirika, makamaka chiperoni chikayamba mu Meyi: udzu umaoneka wouma m'manja koma usiku umayamwanso chinyezi, ndipo m'mawa umalemera kuposa dzulo. Ngati uvuni palibe, yanikani thumba lonse padzuwa, kenako tapani magalamu 100 okha mukawaumitse bwinobwino kumene kuli uvuni. Akatsika kufika magalamu 88, ndiye kuti kulemera kwa thumba lonse mukuchulukitse ndi 0.88.

Tinene kuti mafelemu asanu otchingidwa apereka udzu wouma wa magalamu 610, 540, 700, 580 ndi 570. Pamodzi ndi 3,000, ndipo avereji yake ndi magalamu 600 pa sikweya mita.

Tsopano magalamu asanduke mphamvu. Galamu imodzi ya udzu wouma imakhala ndi makilojulo pafupifupi 18. Masamba a mitengo ndi njere za mafuta zimaposa pamenepa, koma pa udzu nambala imeneyi ndi yabwino.

```
NPP = 600 g × 18 kJ/g = 10,800 kJ pa m² pa nyengo
```

Lembani pambali pake kuti iyi ndi NPP ya pamwamba pa nthaka. Mizu sitinaikumbe, chonsecho pa malo a udzu zomwe zimamera pansi nthawi zambiri zimafanana kapena kuposa za pamwamba. Pa mzere wathu palibe cholakwika, chifukwa ziwala zimadya masamba. Koma wina amene anawerengera ndi mizu yomwe adzapeza peresenti yochepa ndi theka kapena kuposa pa malo omwewo, ndipo mudzatsutsana pachabe ngati nonse simunalembe chimene munayeza.

Mwina simunadule udzu, mwangopatsidwa nambala. Ionetsetseni muyeso wake. Ikakhala ya matani pa hekitala, ichulukitseni ndi 100 kuti ikhale magalamu pa sikweya mita: matani 6 pa hekitala ndi magalamu 600 omwe aja. Ikakhala ya magalamu a kaboni, kumbukirani kuti kaboni ndi pafupifupi 45 peresenti ya chomera chouma, choncho igaweni ndi 0.45: magalamu 270 a kaboni ndi magalamu 600 a udzu wouma. Ikakhala ya makilokalori, monga m'mabuku akale, ichulukitseni ndi 4.184 kuti ikhale makilojulo. Manambala a NPP ochokera ku masetilaiti, monga a MODIS, amabwera m'makilogalamu a kaboni pa sikweya mita pa chaka, ndipo amaphatikiza mizu.

Makomo atatu amene mphamvu imatayikira

Peresenti imene tikuifuna, imene mabuku amailemba TTE, ndi mphamvu imene yakhala thupi latsopano pa sitepe ya pamwamba, kuigawa ndi imene yakhala thupi latsopano pa sitepe ya m'munsi mwake, pa malo omwewo ndi nthawi yomweyo. Mphamvu yokhala thupi latsopanoyo timailemba P.

```
TTE = (P ya pamwamba ÷ P ya m'munsi) × 100
TTE = CE × AE × PE
```

Mzere wachiwiriwo ndi umene ndimaukonda, chifukwa umasonyeza pamene mphamvu yathera. CE ndi gawo la chakudya chopezeka limene ladyedwadi. AE ndi gawo la chodyedwacho limene lalowa m'thupi osatuluka ngati zitosi. PE ndi gawo la cholowacho limene lakhala mnofu, mazira kapena ana, osaotchedwa. Tiwatenge limodzilimodzi.

Kuti mupeze CE, yerekezani mafelemu otchingidwa ndi osatchingidwa. Tinene kuti osatchingidwa apereka avereji ya magalamu 540. Kusiyana kwake ndi magalamu 60, omwe ndi makilojulo 1,080.

```
CE = 1,080 ÷ 10,800 = 0.10
```

Nambala imeneyi musaikhulupirire msanga. Taonaninso mafelemu otchingidwa aja: lochepa linapereka 540, lochuluka 700. Mafelemu amene sanadyedwe n'komwe akusiyana okhaokha ndi magalamu 160, ndiye kusiyana kwa 60 kukhoza kukhala kwa nthaka chabe, osati kwa ziwala. Mafelemu asanu ndi okwanira kuphunzirira njira, koma pa ntchito yoti muiikire kumbuyo mufunika ambiri, 15 kapena 20 mbali iliyonse. Aikeni awiriawiri, lotchingidwa ndi losatchingidwa moyandikana, n'kuwerengera kusiyana kwa awiri aliwonse. Ngati pafupifupi paliponse lotchingidwa likulemera kuposa linzake, mwaona kudya kwenikweni. Ngati zikusinthanasinthana, simunaone kanthu.

Palinso zina ziwiri. Waya wa sefa umachepetsa dzuwa ndi mphepo, kotero udzu wa mkati sukula chimodzimodzi ndi wa panja. Ndiponso kholalo latsekereza zonse zodya udzu, osati ziwala zokha. Mbuzi imodzi ikadutsa pa mafelemu a poyera, magalamu amene yadya mudzawalembera ziwala. Yang'anani zizindikiro: mbuzi imamwetula nsonga zonse pa msinkhu umodzi n'kusiya mapazi ndi ndowe, pamene chiwala chimaluma m'mphepete mwa tsamba. Kumene kuli ziweto, mafelemu a poyera atchingeni ndi waya wa maso akuluakulu, wolowa chiwala koma wosalowa mbuzi.

AE ndi PE zimapezeka m'nyumba. Gwirani ziwala zazing'ono zimene zikukula, za mtundu umodzi, muziike m'chidebe chotsekedwa ndi sefa. Tsiku lililonse muzipatse udzu woyezedwa, muchotse wotsala wa dzulo, mutole zitosi. Zonse ziyezedwe zouma. Poti udzu wopatsa ziwala uyenera kukhala wauwisi, dulani mtolo wina wofanana nawo muuumitse, kuti mudziwe kuti galamu ya wauwisi ikufanana ndi zingati za wouma. Chimodzimodzi ndi ziwala: patsiku loyamba patulani gulu lina la msinkhu womwewo, muliphe ndi kuliumitsa, kuti mudziwe kulemera kouma kwa poyambira.

Patatha milungu iwiri, tinene kuti ziwala zadya udzu wouma wa magalamu 5.0, zatulutsa zitosi zouma za magalamu 3.0, ndipo matupi ake ouma, kuphatikiza zikopa zimene zafundula, aonjezeka ndi magalamu 0.65. Zikopazo musazitaye, ndi thupi limene chiwala chinapanga. Zolowa m'thupi ndi magalamu 2.0 mwa 5.0, kutanthauza AE ya 0.40. Apa tayesa ngati galamu ya zitosi ili ndi mphamvu yofanana ndi galamu ya udzu, zomwe zili pafupi ndi zoona koma osati ndendende.

Pa PE sitingayerekeze magalamu ndi magalamu, chifukwa thupi la chiwala lili ndi mafuta ndi mapuloteni ambiri kuposa udzu. Galamu ya chiwala chouma ili ndi makilojulo pafupifupi 22.

```
AE = (5.0 − 3.0) ÷ 5.0 = 0.40
PE = (0.65 × 22) ÷ (2.0 × 18) = 14.3 ÷ 36 = 0.40
TTE = 0.10 × 0.40 × 0.40 = 0.016 = 1.6%
```

Bwererani tsopano ku sikweya mita yathu. Ziwala zinadya makilojulo 1,080. Mwa amenewa 432 analowa m'thupi, 648 anatuluka ngati zitosi. Mwa 432 aja, 173 anakhala thupi la ziwala, 259 anaotchedwa n'kuchoka ngati kutentha. Udzu umene sunadyedwe ndi makilojulo 9,720.

Musanapitirire, phatikizani zonse muone ngati zikubwerera pa nambala yoyamba. Mphamvu siyisowa, imangopita kwina.

```
9,720 + 648 + 259 + 173 = 10,800
```

Zikapanda kufanana, penapake mwachulukitsa ndi nambala yolakwika, kawirikawiri mwatenga PE ya chakudya chonse chodyedwa m'malo mwa cholowa m'thupi chokha.

Taonani kukula kwa 9,720. Khomo lalikulu lotayira mphamvu pa malo a udzu si m'mimba mwa chiwala ayi, ndi udzu umene palibe anaudya uli wauwisi. Umenewo umapita kwa chiswe, nkhungu ndi tizilombo ta m'nthaka, kapena moto wa mu Ogasiti mpaka Okutobala umautenga wonse tsiku limodzi. Amene anaonapo moto pa zidikha za pamwamba pa phiri, monga Lichenya, akudziwa kuchuluka kwa udzu umene umatha chotero. Chiswe ndi zoolesa zili ndi mzere wake wa kudyana, ndipo pa nthaka mzere umenewo umanyamula mphamvu yambiri kuposa wa ziwala. Sitikuuwerengera pano, koma pa chithunzi chanu jambulani muvi wopita kumeneko ndi nambala yake.

Kukwera masitepe otsala

Kuyeza abuluzi ndi akabawi mwanjira yomweyi n'kovuta kwa sukulu kapena kalabu ya zachilengedwe, choncho apa timabwereka manambala odziwika. Zodya nyama zimagaya bwino chakudya, AE yake imakhala pafupifupi 80 peresenti, pamene zodya masamba zimakhala pakati pa 20 ndi 50 chifukwa cha ulusi wa zomera wovuta kugayika. Pa PE, chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi kutentha kwa thupi. Tizilombo monga ziwala timasunga 30 mpaka 40 peresenti, nsomba ndi abuluzi pafupifupi 10, koma mbalame ndi nyama zoyamwitsa zakutchire 1 kapena 2 peresenti basi, chifukwa zimaotcha chakudya usana ndi usiku kuti thupi likhale lofunda.

Tiyerekeze kuti abuluzi agwira theka la ziwala zimene zapangidwa, zina n'kudyedwa ndi mbalame, akangaude ndi ana ogwira ziwala za ndiwo.

```
TTE = 0.50 × 0.80 × 0.10 = 0.04 = 4%
P ya abuluzi = 173 × 0.04 = 6.9 kJ pa m²
```

Kwa kabawi, tiyerekeze kuti agwira 30 peresenti ya abuluzi.

```
TTE = 0.30 × 0.80 × 0.02 = 0.0048 = 0.48%
P ya kabawi = 6.9 × 0.0048 = 0.033 kJ pa m²
```

Tsopano mzere wonse waoneka: 10,800 pa udzu, 173 pa ziwala, 6.9 pa abuluzi, 0.033 pa kabawi. Pa lipoti lanu siyanitsani poyera manambala oyezedwa ndi obwereka, ngakhale ndi inki ya mitundu iwiri. Ndipo musalembe manambala ambirimbiri pambuyo pa kadontho ngati kuti munayeza mpaka pamenepo. CE ya kabawi munaingoyerekeza, ndiye 0.03 yakwana.

Nambala ya 0.033 payokha siyiuza munthu zambiri. Imamveka mukaisandutsa malo. Hekitala ili ndi masikweya mita 10,000, choncho abuluzi a hekitala imodzi apanga makilojulo 69,000 pa nyengoyi, ndipo 30 peresenti yake ndi 20,700. Tiyerekeze kuti kabawi amafuna chakudya cha makilojulo 600 pa tsiku. Pa masiku 180 omwe aja afuna 108,000. Kugawa 108,000 ndi 20,700 kukupereka mahekitala opitirira pang'ono 5 pa mbalame imodzi, ikanakhala kuti imadya abuluzi okha. Onani kuti masiku a kabawi ndawafananitsa ndi masiku a udzu. Mukatenga njala ya kabawi ya chaka chonse n'kuigawa ndi udzu wa miyezi isanu ndi umodzi, yankho silikhala la chaka kapena la nyengo. Kuno udzu susiyiratu kukula mvula ikatha, chifukwa chiperoni chimanyowetsa nthaka mpaka Julayi, kotero amene akufuna nambala ya chaka chonse adulenso kachiwiri.

Kabawi weniweni amadyanso mbewa, anapiye ndi ngumbi, ndipo nthawi zina ziwala zomwezo. Akadya chiwala mwachindunji wadumpha sitepe, ndipo chakudya chomwe chili patsogolo pake ndi 173, osati 6.9. N'chifukwa chake zilombo za pamwamba sizikhalira chakudya cha mtundu umodzi, komanso mizere ya kudyana kawirikawiri imathera pa sitepe yachinayi kapena yachisanu.

Yesaninso kusintha chodya udzu. Makilojulo 1,080 omwe aja akadyedwa ndi kalulu, wa AE ya 0.50 ndi PE ya 0.02, zotsatira zake ndi makilojulo 10.8 a thupi la kalulu, poyerekeza ndi 173 a ziwala. Udzu ndi womwewo, koma ziwala zapanga thupi lochuluka ka 16.

Nanga 10 peresenti ija?

Tikanagwiritsa ntchito 10 peresenti paliponse, tikanapeza 1,080 pa ziwala ndi 108 pa abuluzi. Abuluzi tikanawachulukitsa pafupifupi ka 16, ndipo kabawi akanaoneka ngati akhuta ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a hekitala.

Maganizo owerengera mphamvu sitepe ndi sitepe anachokera kwa Raymond Lindeman, amene anafufuza nyanja yaing'ono ya Cedar Bog ku Minnesota, ndipo zolemba zake zinatuluka mu 1942. Mu 1995 Daniel Pauly ndi Villy Christensen anasonkhanitsa zotsatira za malo 48 a m'madzi n'kupeza avereji ya pafupifupi 10 peresenti, koma manambala ake anayambira cha pa 2 kufika cha pa 24. Choncho 10 peresenti ndi avereji, ndipo ikugwira bwino m'madzi. Kumeneko zomera zambiri ndi ndere zosaoneka ndi maso, zopanda mitengo kapena ulusi wolimba, ndipo theka lake kapena kuposa limadyedwa lili lamoyo. M'nkhalango, monga ya pa phiri, zodya masamba zimatenga pafupifupi 5 peresenti ya NPP, chifukwa yambiri ndi thunthu ndi mizu. Pa mayeso akanena kuti mugwiritse ntchito 10 peresenti, chitani zomwezo. Pa malo enieni a pamtunda, igwiritseni ntchito pokhapokha palibiretu china, ndipo lembani kuti ndi yongoyerekeza.

Kuti muyesere dzanja pa manambala enieni, tengani a Howard Odum a mu 1957, ochokera ku kasupe wa Silver Springs ku Florida. Onse ndi makilokalori pa sikweya mita pa chaka. Zomera: GPP 20,810, R 11,977, NPP 8,833. Zodya zomera: zolowa m'thupi 3,368, zokhala thupi latsopano 1,478. Zodya nyama: zolowa m'thupi 383, zokhala thupi latsopano 67.

Mwa njira yathu, 1,478 kugawa ndi 8,833 ndi 16.7 peresenti, ndipo 67 kugawa ndi 1,478 ndi 4.5 peresenti. Mabuku ena amayerekeza zolowa m'thupi zokhazokha: 3,368 kugawa ndi 20,810 ndi 16 peresenti, 383 kugawa ndi 3,368 ndi 11 peresenti. Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka, bola mutchule imene mwatenga, ndipo mwaona kuti pa sitepe yachiwiri zikusiyana kwambiri, 4.5 ndi 11. Chosavomerezeka ndi kusakaniza. Mukagawa 1,478 ndi 20,810 mupeza 7 peresenti, mukagawa 3,368 ndi 8,833 mupeza 38 peresenti. Kasupe ndi mmodzi, chaka ndi chimodzi, koma yankho lachoka pa 7 kufika pa 38 chifukwa chongotola nambala ya mzere wina. Pamwamba pakakhala yochotsedwa R, pansinso pakhale yochotsedwa R.

Kulemera kwa lero si zopangidwa pa nyengo

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri m'malipoti ndi ichi. Wophunzira amapita ndi neti tsiku limodzi, amagwira ziwala za pa malo oyezedwa, amaziumitsa, napeza magalamu 2 pa sikweya mita, ndiye amagawa ndi magalamu 600 a udzu. Koma magalamu 2 amenewo ndi ziwala zimene zinalipo tsiku limenelo. Zina zinaswa mu Disembala n'kudyedwa mu Januwale, zina sizinaswe. Pa chitsanzo chathu, makilojulo 173 kugawa ndi 22 ndi magalamu pafupifupi 8 a ziwala zopangidwa pa nyengo yonse, kanayi kuposa zimene netiyo inagwira. Zili ngati kusuzumira mu nkhokwe mu Januwale n'kunena kuti chimanga chotsalacho ndi chonse chimene munda unabereka. Pa udzu tinapulumuka chifukwa unayambira pa ziro ndipo tinautchinga, kotero kulemera kwa mu Epulo kunali pafupi ndi zopangidwa zonse. Pa zamoyo zimene zimabadwa ndi kufa mkati mwa nyengo, ziwirizi zimatalikirana.

M'madamu a nsomba, amene ndi ambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, kusiyanaku kumakula koposa. Ndere zimene zimabiriwitsa madzi zimaberekana ndi kudyedwa m'masiku ochepa, kotero mukayeza za tsiku limodzi zikhoza kupepuka kuposa nsomba zimene zikudalira nderezo. Mukagawa, mupeza peresenti yoposa 100. Nambala yotere ikatuluka, kapena ina iliyonse yopitirira 25 kapena 30 peresenti, imani mufufuze. Mwina mwayerekeza kulemera kwa tsiku limodzi ndi zopangidwa pa nyengo, mwina mwagawa nsomba zaziwisi ndi zomera zouma, kapena pali chakudya cholowa kuchokera kunja chimene simunachiwerenge. Mlimi wa makumba ndi chilunguni amathira madeya ndi masamba m'damu, ndipo mphamvu imeneyo inagwidwa ku munda, osati m'madzi. Iyenera kuyezedwa, kusandutsidwa makilojulo, n'kuphatikizidwa ku nambala ya m'munsi musanagawe.

Chenjezo lomweli likhudza amene angafune kuyambira pa manambala a minda ya tiyi. Zokolola za pa hekitala zimene zimalembedwa ndi za nsonga zothyoledwa ndi kuumitsidwa ku fakitale basi. Nthambi zoduliridwa, masamba ogwa, thunthu ndi mizu mulibemo, choncho nambala imeneyo ndi kachigawo ka NPP ya munda, osati NPP yonse. Ngati mukufuna mzere wa kudyana wa m'munda wa tiyi, tcherani mabasiketi pansi pa zitsamba otolera masamba ogwa, yezani nthambi pa nthawi yodulira n'kugawa kulemera kwake ndi zaka zimene zapita chidulireni komaliza, kenako phatikizani ndi nsonga zothyoledwa, zonse zouma, pa sikweya mita, pa chaka.